Chaputala Chachiwiri cha Ennet

Tsiku limene a Dokotala Catherine anabweza chaputala chachiwiri cha Ennet, mlomo wake unali usanaphwe. Naison, mwamuna wake, anali atamuwomba khofi Lamlungu chifukwa foni inalira iye akudya, ndipo mphete ya ukwati wawo womwewo ndiyo inang'amba mlomowo. N'chifukwa chake polankhula ndi aphunzitsi akewo pa foni nthawi ya nkhomaliro, atabisala kuseri kwa makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Jet Park, Ennet anazimitsa kamera n'kunamizira netiweki.

Ennet anabadwira pakomboni ya mgodi ku Kadoma, kumene agogo ake ochokera ku Dedza anakatchonera. Ku Joni anabwera ali mtsikana, ndipo tsopano ankagwira ntchito yolemba magalimoto olowa ndi otuluka. Madzulo ndi Loweruka ankachita digiri yachiwiri. Kafukufuku wake anali wa nkhanza za m'banja pakati pa amayi obwera kuchokera kumayiko ena. Mukamufunsa chifukwa chimene anasankhira nkhani imeneyi, ankayankha msangamsanga kuti ankamvera chisoni amayi ena a kutchalitchi. Ankanena zimenezi ndi nkhope yowongoka, mwina atamanga mpango pamalo pamene panali potupa sabata imeneyo. Sikuti ankanama dala ayi. Munthu amatha kuwerenga mabuku odzaza katoni onena za moto, chitenje chake chikunyeka, iye osamva fungo.

A Dokotala Catherine anali mayi wa ku Zomba amene ankaphunzitsa pa yunivesite ina mu Joni, ndipo sankadziwa kunyengerera.

"Achemwali, ichi si chaputala," anatero. "Uwu ndi mzere wa pa renki ya tekisi. Uje 2011 akuti zakutizakuti. Ndime yatha. Ujeni 2015 akuti zakutizakuti. Ndime yatha. Masamba onsewa anthu angoima wina kumbuyo kwa mnzake, osapatsana ndi moni womwe. Kuwerenga mwawerenga, sindikukana. Koma inuyo muli pati?"

"Ndimayesa litirecha rivyu ndi kusonyeza zimene ena analemba, a Dokotala."

"Ndi kusonyeza zimene zikudziwika, zimene akukangana, ndi zimene palibe wazigwira. Imvani. Pulintani chonsecho, mutenge sizasi, mudule. Mfundo iliyonse ikhale pakapepala kake, ndipo pakona mulembe wolemba, chaka ndi tsamba, kuopa kudzapatsa wina mawu a mnzake. Mukatero unjikani zofanana. Musayambe ndi mitu yanu yokonzeratu, mitu ituluke m'milumo. Wolemba mmodzi akapezeka m'milu itatu, musadabwe, ndi mmene ziyenera kukhalira. Polemba, ndime iyambe ndi mawu anu, mayina awo abwere pambuyo ngati mboni. Mwamva? Nanga bwanji mukulankhula ngati muli ndi mbatata yamoto m'kamwa?"

"Ndi dzino, a Dokotala."

Chaputala chakalecho Naison ankachikonda. Anali mlonda pa molo ina ya masitolo ambiri ku Boksburg, munthu wa yunifomu yosita bwino ndi nsapato zowala, amene amayi a pabwalo ankati Ennet anachita naye mwayi. Tsiku lina anachitenga patebulo, n'kumatchula mayina a olembawo mmodzimmodzi ngati akuitana ana asukulu, kenako n'kukauza anzake kuti mkazi wake akulemba za azungu. Anavundukula masamba onse, koma sanaonemo kanthu komukhudza. Akanaona bwanji? Mayi wa ku Canada anali patsamba lake, wa ku Kenya patsamba lake, aliyense ndi tsoka lake.

Loweruka Naison atapita kushifiti, Ennet anayamba kudula. Chipinda chawo chinali chimodzi mwa zipinda za kuseri kwa nyumba ya landilodi, ndipo pansi panalibe malo, choncho timapepalato ankatimata pakhoma ndi selotepi. Pakhomo loyandikana nalo Aziza, mayi wa ku Mangochi wogulitsa samusa ndi magwinya, mandasi a ku Joni, ankakazinga za masana, wailesi ikulira.

Poyamba ntchito inali yokoma. Kapepala aka kakufanana ndi ako, ako kakukana, kena sikakudziwa kolowera, kayambe kadikira pambali. Dzuwa lisanafike pamutu mulu woyamba unali utaoneka wokha. Olemba amene sanaonanepo, wina wa ku Ulaya, wina wa ku Amereka, wina wa konkuno, onse anali atapeza chinthu chimodzi: mwamuna amasunga mapepala a mkazi, ndipo mkazi wopanda mapepala m'dziko la eni sapita kupolisi. Ennet anatenga cholembera chachikulu n'kulemba mutu pamwamba pake. Analemba m'Chichewa, poti ndimo ankaganizira, Chingerezi chidzabwera polemba. KUSUNGA PASIPOTI. Atabwerera m'mbuyo kuti aone ngati walemba mowongoka, anakumbukira kuti pasipoti yake, ndi pemiti yomwe, zinali mu loka ya Naison kuntchito. Akuti pabwalo pano pali akuba.

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano, n'kupitiriza.

Mulu wachiwiri unali wa foni ndi abale: kufufuza mauthenga, kudana ndi anzake a mkazi mmodzimmodzi mpaka atatsala yekha. Wachitatu unamuvuta, chifukwa olemba ankakangana. Ena ankati mkazi akayamba kugwira ntchito nkhanza zimachepa, ena ankati zimakula. M'chaputala chakale anthu amenewa anali motalikirana masamba ambiri, ndipo Ennet sanaone n'komwe kuti akutsutsana. Tsopano atawaika pamodzi anabwerera ku zolemba zawo kukaona kuti aliyense anafunsa anthu otani, ndipo mfundo inatuluka: ambiri mwa amene ankati nkhanza zimakula anafufuza mabanja amene mkazi wayamba kuposa mwamuna. Analemba chiganizo chimenechi ndi mawu ake, chiganizo choyamba m'chaputala chonse chimene chinali chakechake. Anachikonda. Kenako anayang'ana chala chimene chinagwira cholemberacho, chokhota pamfundo. Chinathyoka tsiku limene anamuchotsa kolongedza katundu n'kumuika muofesi. Naison anachipanikiza pachitseko, n'kunena kuti inali mphepo.

Apa mantha anamugwira, mantha enieni. Nkhani zonsezi ankazidziwa, sanaiwale ndi imodzi yomwe. Koma ankazisunga monga mmene ankasungira olemba ake, iliyonse payokha ndi chifukwa chake. Ya chala inali mphepo. Ya mlomo inali foni. Ya nthiti unali mowa wa pa Khirisimasi. Ndipo iliyonse inali itaweruzidwa kale. Amalume ake, a Geoffrey a ku Brakpan, ndiwo anali ankhoswe, ndipo nthawi zonse ankabwera ndi jekete lawo la tchalitchi, kumva mbali zonse, kudzudzula wolakwa, kupempheretsa, n'kutseka ndi mawu amodzimodzi: mlandu watha, wina asadzaufukulenso. Choncho mlandu uliwonse umene unkafika pamaso pawo unkakhala woyamba.

Mulu wotsiriza unali waung'ono kuposa yonse, ndipo munalibe mkangano. Wina anafufuza m'zipatala, wina m'nyumba zobisalamo amayi othawa, wina anafunsa abale a amayi amene anaphedwa. Njira zosiyana, mayiko osiyana, yankho limodzi: mwamuna amene wagwirapo mkazi pakhosi, ngakhale kamodzi, ngakhale osasiya chipsera, ndi amene ali pafupi kudzamupha. Timapepala tina tiwiri tinkawonjeza kuti nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mwamunayo wazindikira kuti mkazi akufuna kuchoka. Ennet analemba KUGWIRA PAKHOSI. Pa Isitala Naison anamugwira. Sizinatenge nthawi, anangomukanikiza kufiriji mpaka m'maso munachita mdima, kenako anamusiya n'kukamugulira yogati. Nkhani imeneyo Ennet sanaitengere n'komwe kwa ankhoswe, poti panalibe bala loti akaonetse.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, amatero akuluakulu. Koma apa panalibe za mawa. Anakhala pabedi, akuyang'ana khoma. Ankadziwa kuti ayenera kumatula zonsezo Naison asanaweruke, ndipo ankati achita zimenezo posachedwa.

Naison anasinthana shifiti ndi mnzake tsiku limenelo. Chitseko chinatseguka dzuwa likadali pamwamba.

Analowa akuimba kamluzu, atanyamula pulasitiki ya nyama. Anaona khoma, n'kumwetulira, poganiza kuti ndi azungu ake aja. Anayandikira. Ennet anaona milomo yake ikuyenda powerenga mutu woyamba, kenako wachiwiri, ndipo kamluzu kanatha. Pofika pa wotsiriza anaika nyama patebulo pang'onopang'ono, n'kutembenuka kukakhoma chitseko.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi za kusukulu, a Naison. Chaputala chomwe chija. A Dokotala anati ndichisanje mwa mitu."

"Chomwe chija? Wena, ukundiyesa chitsiru? Chija ndinawerenga ine, munalibe zimenezi. Pasipoti. Foni. Pakhosi." Ankaloza ndi chala mutu uliwonse. "Uyu ndi ine. Wandipachika pakhoma m'nyumba mwanga momwe."

"Dzina lanu palibe. Onani pakona, ndi mabuku, zaka zake zili pomwepo..."

"Mabuku akudziwa bwanji za loka yanga? Ukukonza keisi, eti? Ukufuna ukandimangitse, undichotsetse ntchito, iwe uzidya ndi mabwana ako a ku Jet Park. Mara ndinakupeza ulibe ndi nsapato zomwe!"

Chibakera choyamba chinafika pamlomo womwe uja, ndipo unatsegukanso. Ennet anagwera patebulo, laputopu n'kugwa pansi, Naison n'kuiponda ndi jombo mpaka galasi linalira. Anakanda khoma ndi manja onse awiri, timapepala tikuuluka m'chipinda monse, kenako anatola todzaza dzanja, anagwira Ennet tsitsi, n'kumukanikizira m'kamwa.

"Idya! Si ndiwe wophunzira? Idya sukulu yakoyo!"

Ennet analavula mapepala ndi magazi, n'kukwawira kuchitseko. Jombo inamupeza m'nthiti, ina pamsana. Anafuula dzina la Aziza kamodzi kokha, chifukwa kachiwiri mawu analibe podutsa. Naison anali atamugwadira pachifuwa, manja onse awiri ali pakhosi, zala zazikulu zikukumba pakati. Sankakalipanso. Nkhope yake inali phee, ngati ya munthu amene akumanga chingwe cha nsapato, ndipo chimenechi ndicho chinamuopsa Ennet kuposa zibakera. Anamukanda m'manja, anaponda pansi ndi zidendene, wailesi ya Aziza inayamba kumveka kutali, kutali, ndipo anamva mkodzo wofunda ukutsika m'miyendo. Anadziwa kuti akufa, ndipo chinamuwawa n'chakuti anali atawerenga zimenezi tsiku lomwelo.

Chitseko cha zipinda za kuseri n'chitseko cha dzina lokha. Aziza anachimenya ndi phewa kawiri, loko n'kuzuka ndi misomali yake. M'manja anali ndi chiwaya chimene anali atangochotsa pamoto, mafuta atakhuthulira pansi pothamanga. Sanafunse funso. Anachitsitsa pamutu pa Naison ndi manja awiri, ndipo chinalira ngati belu la sukulu. Naison anatembenuka, chachiwiri chinamupeza pakhutu, khungu n'kupsa. Anagwera kumbali akukuwa.

"Musiye, galu iwe! Ufuna uphere munthu pakhomo panga? Futseki! Anthuni, bwerani kuno, akupha munthu!"

Amuna a pabwalo anabwera, ena ndi njerwa, wina ndi sipanala. Naison anadzuka magazi akutsika m'khosi la yunifomu, anawakankha, n'kutuluka pageti akutukwana m'zilankhulo zitatu. Palibe anamuthamangitsa. Mmodzi mwa amunawo anayang'ana Ennet ali gone pakati pa mapepala, n'kunena chapansipansi kuti za m'banja n'zovuta kulowerera. Aziza anamuyang'ana, chiwaya chikadali m'manja, ndipo bamboyo anakumbukira kuti anasiya madzi pamoto.

Kukiliniki anamusoka mlomo, namuuza kuti kufiira kwa m'maso ndi kusasa kwa mawu n'zochokera pakhosipo, ndipo kuti akayamba kubanika asadikire kuti kuche. Anagona kwa Aziza. Asanagone anabwereka foni, anayatsa kamera, n'kuimbira a Dokotala Catherine. Mayi wosanyengererayo anayang'ana nkhopeyo, osanenapo za dzino, n'kungofunsa ngati ali ndi cholembera pafupi, kuti alembe nambala ya nyumba yobisalamo amayi othawa.

M'mawa mwake a Geoffrey anafika ndi jekete lawo la tchalitchi. Anali munthu wabwino, tisawanamizire. Ndiwo anamulandira Ennet pa Park Station atangofika ku Joni, ndipo ankamukonda ngati mwana wawo wobala. Anakhala pampando wa Aziza, chipewa pabondo, n'kuyamba monga mwa nthawi zonse.

"Mwana wanga, amuna ako anabwera kwathu dzulo, mutu uli bandeji. Alira, Ennet. Mwamuna wamkulu kulira ngati mwana. Avomera kuti analakwa, ndipo ndawakalipira kwambiri. Koma nawenso, za m'nyumba sitimata pakhoma. Ndiye tiyeni tione nkhani ya dzuloyi, ya mapepalayi, tiithetse. Ali panja pageti, akudikira kuti ndiwaitane."

Aziza, amene anaima pakhomo, anayang'ana kumene kunali chiwaya chake.

Mawu a Ennet ankatuluka ngati a munthu wa chifuwa, ndipo liwu lililonse linkamucheka. "Ya dzulo yokha ayi, amalume."

"Zakale tinathetsa. Mlandu wotha..."

"Sindikufukula mlandu. Ndikufuna muone chinthu chimodzi. Pasipoti yanga ili kuti?"

"Amasunga amuna ako, chifukwa cha akuba."

"Rumbidzai, mnzanga wa ku Kadoma uja, munamuona liti pakhomo panga? Nanga azakhali, bwanji anasiya kundiimbira? Zimenezo ikani pamodzi." Anameza malovu, nkhope n'kukwinyika. "Tsopano izi. Chala, nditakwezedwa pantchito. Nthiti, nditalandira kalata ya kuyunivesite. Inu munati unali mowa wa Khirisimasi, koma kalata inabwera sabata yomweyo. Ikaninso pamodzi."

"Ennet, banja ndi kupirira. Ife ndi azakhali ako..."

"Gulu lachitatu ndi ili."

Anamasula mpango. Mbali zonse ziwiri za khosi kunali mizere yakuda ya zala, ndipo kutsogolo madontho awiri aakulu pamene panakumba zala zazikulu.

"Aka n'kachiwiri. Koyamba sindinakuuzeni. Amene anafufuza zimenezi amakangana pa zambiri, amalume, koma apa pokha sakangana. Inu mwakhala mukuweruza masiku, lililonse palokha, ndipo tsiku lililonse palokha limakhululukika. Ine ndikukuonetsani munthu. Mukandibweza m'chipinda chija, ulendo winawo simudzabwera ndi jekete kudzaweruza. Mudzabwera kudzafunsa mtengo wotumizira bokosi ku Kadoma."

Kunja tekisi inkaliza hutala kuitana anthu a ku Dunswart. Nkhalambayo inayang'ana khosi lija nthawi yaitali, kenako inayang'ana manja ake omwe, ndipo misozi inatsika osaipukuta. Anachita manyazi, manyazi aakulu, chifukwa milandu yonseyo anaikumbukira, ndi mapemphero ake omwe.

"Ndamva," anatero potsiriza. "Sindimuitana. Ndikamuuza abweretse pasipoti lero lomwe, apo ayi tikakumana kupolisi. Iwe tenga zovala zako, tipite ku Brakpan. Chipinda cha ana chilipo, ukakhala ndi ife mpaka..."

"Kwanu akudziwako."

"Sangayerekeze kulowa pakhomo panga!"

"Dzulo analowa, amalume, ndipo munamupatsa mpando. Mawa adzabweranso akulira, ndipo inu mtima wanu ndi wabwino."

A Geoffrey anagwira chipewa chawo ndi manja awiri. Aziza anali atatulutsa kale chikwama kuseri, kumene kuli kampata kotulukira msewu wina, ndipo galimoto imene a Dokotala Catherine anatumiza inali ikudikira kumeneko. Ennet anaimirira movutika, dzanja lili panthiti, n'kugwada pang'ono pamaso pa amalume ake monga anaphunzitsidwira.

"Nanga ukupita kuti, mwana wanga?" anafunsa. "Amayi ako akandifunsa ndikati uli kuti?"

Ennet anawayang'ana bambo amene anamulera m'dziko la eni, ndipo anawamvera chisoni kwambiri.

"Sindikuuzani, amalume."